Kusunga mipata m'malo mwa manambala: momwe indekisi imachepetsedwera

Munthu akalemba liwu m'pulogalamu yofufuzira, kompyuta siyamba kuwerenga zikalata zonse chimodzichimodzi. Imapita ku indekisi, komwe liwu lililonse lili ndi mndandanda wa manambala a zikalata zomwe limapezekamo. Mindandanda imeneyi ndi yomwe imadya malo ambiri pa disiki.

Ofufuza amakonda kuyesera njira zawo pa nkhokwe ya nkhani zomwe bungwe la Reuters linatulutsa kuyambira Ogasiti 1996 mpaka Ogasiti 1997, yotchedwa RCV1. Muli zikalata pafupifupi 800,000, ndipo mindandanda yonse ikaphatikizidwa muli manambala pafupifupi 100 miliyoni. Nambala iliyonse ikapatsidwa mabayiti 4, monga kompyuta imachitira mwachizolowezi, pamafunika mamegabayiti 400.

Chopulumutsa n'chakuti manambalawo amandandalikidwa kuyambira yaing'ono kukwera. Tiyerekeze kuti liwu lina likupezeka m'zikalata 700000, 700003, 700010 ndi 700150. M'malo molemba onse anayi athunthu, indekisi imalemba yoyamba yokha, kenako kusiyana kwa nambala iliyonse ndi yam'mbuyo mwake: 700000, 3, 7, 140. Zili ngati kulondolera mlendo: mukamusonyeza nyumba yoyamba, zinazo mumangoti "yachitatu kuchokera pamenepo". Powerenga, kompyuta imawonkhetsa. 700000 ndi 3 zipereka 700003, kuwonjezapo 7 ifika pa 700010, ndipo palibe chomwe chatayika.

Komatu mipata payokha sipindulitsa kanthu. Ngati 3 apatsidwabe mabayiti 4, malo ndi omwe aja. Pamafunika kalembedwe koti nambala yaing'ono izitenga malo ochepa.

Njira yofala ndi yosinthasintha chiwerengero cha mabayiti. Bayiti ili ndi mabiti 8. Mabiti 7 amanyamula nambala, pomwe biti yotsalayo ndi chizindikiro chouza kompyuta ngati nambala yathera pomwepo kapena ikupitirira m'bayiti yotsatira. Choncho mpata wosaposa 127 umakwana m'bayiti imodzi, wosaposa 16,383 m'mabayiti awiri, ndipo wosaposa 2,097,151 m'mabayiti atatu. Nayi mipata 3, 7 ndi 140, pomwe 1 woyambirira akutanthauza kuti nambala yatha:

```
3    10000011
7    10000111
140  00000001 10001100
```

140 waposa 127, n'chifukwa chake wagawidwa pawiri: 128 mmodzi m'bayiti yoyamba, 12 wotsala m'yachiwiri. Nambala yoyamba ija, 700000, imatenga mabayiti atatu. Mndandanda wonse watenga mabayiti 7 m'malo mwa 16.

Phindu lenileni lili pa mawu ofala. Liwu lopezeka pafupifupi m'chikalata chilichonse limakhala ndi mndandanda wautali zedi, koma mipata yake imangokhala 1, 2, 1, 3. Liwu losowa limakhala ndi mipata ikuluikulu, koma manambala ake ndi owerengeka. Ndiye kuti mindandanda yomwe ikanadzaza disiki ndi yomwenso imafinyika kwambiri. M'buku lomwe Christopher Manning, Prabhakar Raghavan ndi Hinrich Schütze anatulutsa mu 2008, njirayi inatsitsa mindandanda ya RCV1 kufika pa mamegabayiti 116. Kalembedwe ka gama, komwe Peter Elias anafotokoza mu 1975, kamawerenga biti imodziimodzi ndipo kanafika pa 101. Kusiyanako n'kochepa, pomwe kumasula mabiti paokhapaokha kumachedwetsa kompyuta, choncho ambiri amalolera kutaya malo pang'ono. Lucene, yomwe ndi maziko a Elasticsearch ndi Solr, inatenga njira ina: kusonkhanitsa mipata m'magulu a 128 n'kupatsa yonse ya m'gulu mabiti ofanana.

Mtengo wake ulipo. Mndandanda wa mipata sulowedwa pakati, chifukwa 140 satanthauza chilichonse kwa amene sakudziwa chiwonkhetso cha zam'mbuyo. Pofuna kudziwa ngati chikalata 700150 chilimo, kompyuta ikanayenera kuwonkhetsa kuchokera koyambirira. Pofuna kupewa zimenezi, opanga indekisi amasunga nambala yathunthu apo ndi apo, pamodzi ndi malo ake m'fayilo, kuti kufufuza kudumphire pafupi n'kuyambira pamenepo.

Cholakwika nacho chimafalikira. Mpata wa 7 uja ukawonongeka n'kuwerengedwa 6, zikalata zonse zotsatira zimatsetsereka ndi chimodzi: 700009, 700149. Pulogalamu sidandaula, imangobweretsa zikalata zopanda liwu lomwe munthu wafunsa. Biti ya chizindikiro ikatembenuka, mipata iwiri imamatana n'kukhala umodzi waukulu, ndipo chiwonkhetso chikhoza kuposa chiwerengero cha zikalata zonse. N'chifukwa chake Lucene imalemba nambala yotsimikizira kumapeto kwa fayilo iliyonse ya indekisi, yomwe imasiya kugwirizana ndi zam'katimo biti ngakhale imodzi ikasintha.