Chipsera chikapitirira malire a bala

Tiyerekeze atsikana awiri omwe aboola makutu tsiku limodzi. Woyamba patuluka kachotupa kolimba pabowo pasanathe miyezi iwiri. Kakula pang'ono n'kuima, ndipo pakutha chaka kapena ziwiri kaphwa kokha. Mnzake khutu lapola bwinobwino, ndolo akuvala. Koma patapita miyezi 6 kuseri kwa khutu kwayamba kuyabwa, kenako kwamera kanthu kosalala konyezimira, komwe chaka chamawa kadzakhala ngati nzama, osaleka kukula. Ichi ndicho madokotala amati keloyidi.

Zonse ziwiri zimabwera thupi likachulutsa kolajeni, ulusi womwe limalumikizira bala. Kusiyana kwake kuli pa malire. Chipsera chotupa wamba chimathera pomwe panathera bala: ngati unali mzere wa opaleshoni ya kubereka, chimakhala mzere womwewo, wonenepa chabe. Keloyidi imadumpha malirewo n'kulowerera khungu lomwe silinavulale. Payokha siiphwa, ndipo kawirikawiri imayabwa kapena kubaya.

Anthu akhungu lakuda imatigwira kwambiri kuposa azungu, makamaka a zaka zapakati pa 10 ndi 30, ndipo imayenda m'magazi a banja. Ili ndi malo ake okonda: makutu, pachidali, mapewa, kumtunda kwa msana ndi m'nsagwada. Siifuna bala lalikulu ayi. Chiphuphu, mphini, katemera kapena lezala yometera ndevu n'zokwanira. Si khansa, siipatsirana, ndipo palibe amene wakulodzani.

Vuto lalikulu limabwera ndi mtima wofuna kungoidula. Kudula n'kupanga bala latsopano pakhungu lomwe laonetsa kale kuti silidziwa polekezera. Mwa keloyidi zodulidwa popanda chithandizo china, zambiri zimameranso, nthawi zina zazikulu kuposa poyamba. Kuimanga ndi ulusi kapena kuiotcha ndi mankhwala a pamsika n'chimodzimodzi, kungoti pamenepo mumaonjezerapo mafinya.

Kuchipatala amakonda kuyamba ndi jakisoni wa tirayamusinoloni, wobaya m'chipseramo mwezi uliwonse kapena milungu 6 iliyonse, maulendo angapo. Amawawa, tisanamizane. Koma kuyabwa kumachepa, chotupa n'kufewa ndi kutsika. Mankhwalawa amathanso kuyeretsa ndi kupyapyalitsa khungu lozungulira, ndipo pa munthu wakuda banga loyeralo limaonekera patali, ndiye funsiranitu. Ikakhala yaikulu, dokotala amadula ndithu, koma amatsatiza jakisoni, ndolo zopanikiza khutu, kapena kuunika ndi cheza m'masiku oyambirira bala lisanapole. Timapepala ta silikoni tomata pachipsera maola osachepera 12 patsiku kwa miyezi ingapo timathandiza kwambiri pa chipsera chotupa wamba ndi pa bala longopola kumene. Keloyidi yokhwima sitiisuntha kwenikweni.

Ngati inu, mayi anu kapena m'bale wanu muli ndi keloyidi, bowo lachiwiri pakhutu lisiyeni. Ndipo mukamapita ku opaleshoni, muuzeni dokotala asanagwire mpeni, kuti akonzeretu chitetezo bala likangopola.