Mphamvu za m'nyumba zikacepa, musafulumire kunamizira ma ARV

Kuli nkhani ina imene abambo a ku Chadiza amakamba capansipansi pomwera mowa ndi m'mashedi a fodya, koma akafika ku kiliniki ya ma ARV amangoti cete. Akuti mapiritsi aja amagwetsa munthu m'papaya. Ena amalumpha kumwa pa tsiku limene afuna kugona ndi akazi awo, ndipo ena amalekeratu.

Kuyambira mu 2005 ma ARV amaperekedwa ulere m'Zambia. Mankhwala akale anali ndi zovuta zake ndithu. Efavirenzi anali kubweretsa cizwezwe ndi maloto oipa, ndipo abambo ena anatupa mawere, nacita manyazi kuvula malaya pamaso pa akazi awo. Kucokera mu 2018 anthu anayamba kusinthidwira ku TLD, piritsi limodzi pa tsiku. TLD amasowetsa tulo anthu ena ndipo ena amanenepa naye, koma si kawirikawiri kuti iye yekha ndiye aphe mphamvu zacimuna. Kacirombo kosiyidwa kopanda mankhwala ndiko kamawondetsa thupi ndi kuziziritsa cilakolako.

Nanga vuto lenileni limapezeka bwanji? Titenge citsanzo ca bambo wa zaka 46, mlimi, amene wamwa TLD zaka zitatu ndipo kwa miyezi isanu cida cake cimagona nchito ili pakati.

Funso loyamba limene adzafunsidwa ndi lakuti: kodi m'mamawa cimadzuka cokha? Ngati cidzuka bwinobwino, mitsempha ili bwino, ndipo kawirikawiri muzu wa vuto uli m'maganizo. Mwina bamboyu aopa kupatsira mkazi wake amene alibe kacirombo, mwina sanamuululire n'komwe. Mantha otere amathyola mwamuna kuposa piritsi liri lonse. Apa cothandiza ndi cipimo ca kuculuka kwa kacirombo m'magazi. Mu 2023 bungwe la WHO linatsimikiza kuti munthu amene akumwa mankhwala mosalumpha, ndipo kacirombo sikakuonekanso m'cipimoco, sapatsira mnzake pogonana. Kondomu ikali ndi nchito yoteteza ku cinzonono, cindoko ndi mimba, koma mantha aja ayenera kutha.

Ngati m'mamawa simucitikanso kanthu, ndipo vutolo linabwera pang'onopang'ono, maso apite ku magazi. Cida cimauma cifukwa ca magazi odzaza m'mitsempha ing'onoing'ono, ndipo imeneyi ndiyo imayamba kuwonongeka ndi shuga, BP ndi fodya, nthawi zina zaka zingapo mtima usanayambe kuvuta. Bambo wathuyu apimidwe BP. 140/90 kapena kuposerapo pa masiku osiyana ndi yokwera. Apimidwe shuga m'mawa asanadye kanthu, 7.0 kapena kuposerapo ndi cizindikiro ca matenda a shuga, makamaka ngati amakodza kangapo usiku ndi kumva ludzu. Kupima shuga n'kofunika kwambiri kwa omwa TLD, popeza mwa anthu ocepa mankhwalawa amakweza shuga. Abwere ndi mapaketi a zonse zimene amamwa, cifukwa mankhwala ena a BP monga atenololo amafoola cida, ndipo angathe kusinthidwa. Za kacasu asabise. Mowa umautsa cilakolako koma umagonetsa cida, ndipo amene amatero Loweruka liri lonse asanamizire piritsi.

Ngozi yaikulu ili pa mankhwala ogula mwamseri. Mu 2019 cakumwa cina copangidwa ku Ndola cinaletsedwa citapezeka ndi sidenafilo, mankhwala a mu Vayagira. Munthu sangadziwe cimene casakanizidwa m'botolo kapena m'ufa wa mutototo wa pamsika. Amene ali pa ma ARV okhala ndi ritonavira, monga ambiri a mzere waciwiri, acenjere koposa. Ritonavira amaletsa ciwindi kucotsa sidenafilo, motero amaunjikana m'magazi kuwirikiza kambirimbiri. Munthu wotere sayenera kupyola mamiligalamu 25 pa maola 48, pamene mapiritsi ambiri ogulitsidwa ali a 50 kapena 100. Omwa mankhwala a mtima oika pansi pa lilime asayese n'komwe, pakuti BP ingagwe mpaka munthu kukomoka. Cida cikauma maola anayi osagwa, ndipo cikupweteka, thamangani ku cipatala ca Chadiza usiku womwewo. Kudikira kuti kuce cifukwa ca manyazi kungaciphe mpaka kale.

Amayi nawo amataya cilakolako, makamaka poyamwitsa ndi pamene msambo uli pafupi kuleka, ndipo kuuma kumacititsa ululu. Mafuta oterera opangidwa ndi madzi amathandiza. Vaselini ndi saladi zimang'amba kondomu.

Ngati zonse zapimidwa ndipo vuto linayambadi atangosintha mankhwala, a kiliniki angaonenso mankhwalawo kapena kutumiza bamboyo ku cipatala cacikulu ca Chipata. Kufikira tsiku limenelo, piritsi la lero limwedwe pa nthawi yake.