Mita yanu ikuba mayuniti? Umu ndi momwe timaiyesera

“Bambo, mita iyi ndi mbala.” Anandilandira ndi mawu amenewa mayi ena a ku Kanyama dzinja lapitali, ndisanaike n'komwe chikwama pansi. Ali ndi nyumba ya zipinda zinayi zalendi, zonse pa mita imodzi, ndipo mayuniti amene kale ankatha milungu iwiri tsopano sankafika ndi pa masiku 10. Dandaulo lotere ndimalimva ku Matero, ku Chawama ndi ku George komwe, ndipo sindilipeputsa, chifukwa ndalama ya malaiti imachoka pa ya ndiwo.

Yuniti imodzi ndi 1 kWh, kutanthauza mphamvu imene chipangizo cha mawati 1,000 chimadya pa ola lathunthu. Pankhope pa mita pali kanyali kofiira kophethira, ndipo pambali pake pamalembedwa nambala, mwachitsanzo 1000 imp/kWh. Ndiye kuti kakaphethira maulendo 1,000, yuniti imodzi yapita. Ntchito yanga yonse yagona pa kanyali kameneka.

Ena amayesa okha: amayatsa hita yolembedwa 2000 W kwa ola limodzi n'kuyembekezera kuti pachoke mayuniti awiri. Nzeru yake ndi yabwino, koma imasokeretsa. Nambala ija imagwira ntchito pamene magetsi ali pa mavoti 230, chonsecho m'makomboni mwathu madzulo, aliyense akayatsa chitofu, mavoti amatsika. Tsiku limenelo kwa mayi aja ndinapeza 210, ndipo hita yanga ya 2000 W inkakoka mawati pafupifupi 1,670 okha. N'chifukwa chake timanyamula mita ina yoyesera, yomwe inapimidwa kale ku labotale ndipo kulakwitsa kwake sikupitirira 0.2 peresenti. Mita ya m'nyumba yolembedwa Class 1 imaloledwa kuphonya mpaka 1 peresenti. Sungayese sikelo ya pamsika ndi mwala umene kulemera kwake sukukudziwa.

Ndinathimitsa mabuleka onse a m'nyumba, ndipo kanyali kanaleka kuphethira. Chimenecho ndi chizindikiro choyamba chabwino: mita siikuyenda yokha. Kenaka ndinalumikiza mita yoyesera pakati pa mita yawo ndi hita, kuti moto wonse wodutsa mwa imodzi udutsenso mwa inzake, n'kumata kadiso kowerengera pa kanyali kaja. Tinadikira kuphethira 500, komwe pa mita yawoyo ndi theka la yuniti. Panapita mphindi 18, mayi ataima pambali panga manja ali m'chiuno. Mita yanga inaonetsa 0.497 kWh. Kusiyana kwake ndi 0.003, ndipo tikagawa ndi 0.497 tipeza 0.6 peresenti. Mita yawo inkathamangadi, koma pang'ono zedi: pa mayuniti 100 inkaonjezera osakwana imodzi. Ndinabwereza ndi mababu ochepa okha, poti mita ina imakhoza pa katundu wolemera n'kuphonya pa wopepuka, koma zotsatira sizinasiyane kwenikweni.

Mayi sanakondwe, ndipo ndinawamvetsa, chifukwa mayuniti awo ankathadi.

Apa ndi pamene sindifuna kuti mmisiri azilongedza zida n'kumapita. Ndinayatsanso mabuleka, koma tinazula chilichonse m'masoketi a zipinda zonse, mafiriji ndi matchaja omwe, n'kuthimitsa mababu. Kanyali kanayambanso kuphethira, kamodzi pa masekondi 12 alionse. Pa ola ndi maulendo 300, kapena mawati 300, ndipo pa tsiku ndi mayuniti opitirira 7 ongotayika. Titathimitsa mabuleka imodziimodzi, kanyali kanaleka kuphethira titathimitsa yopita ku chipinda chakuseri. Waya wake anali wamba, wokwiriridwa pansi popanda paipi, ndipo anali atasupuka pamalo pamene madzi a mvula amadikha. A ku Kanyama mukudziwa mmene madzi amakhalira pabwalo m'dzinja. Moto unkathawira m'nthaka, pomwe ana amaponda opanda nsapato, ndipo pabolodi panalibe buleka yozimitsa magetsi akamathawira pansi. Za mayuniti ndinaiwala kaye, mtima unali pa ana aja.

Pali chinanso chimene mita imanamiziridwa. Mitengo ya ZESCO ya m'nyumba ili m'magawo: mukamagula mayuniti ambiri m'mwezi umodzi, otsatirawo amakwera mtengo. Choncho K100 yachitatu ikhoza kukupatsani ochepa kuposa yoyamba. Poyerekeza, muziona mayuniti a pa lisiti, osati makwacha.

Kuyesa kwa kanyali kuja mungathe kuchita nokha ndi wotchi ya pafoni, osagwira waya aliyense. Kakamaphethira mabuleka onse ali chozimitsa, kanenereni ku ZESCO kuti adzaiyese, ndipo mukapanda kukhutira, Energy Regulation Board imalandira madandaulo a ogula magetsi. Kakamaphethira mabuleka ali oyatsa koma zonse zili zozula, itanani wamagetsi wodziwa ntchito tsiku lomwelo. Chonde musadule chidindo cha mita kapena kulola mnyamata wapakomboni kuitsegula: ndi mlandu, ndipo mawaya olowa mmenemo amakhala ndi moto ngakhale mutathimitsa buleka ya m'nyumba.