Funso lobwerezedwa ndilo vidiyo yotsatira

Munthu akaika vidiyo pa YouTube yophunzitsa kapangidwe ka feteleza wa Mbeya, wosakaniza madeya, phulusa, ndowe, madzi ndi feteleza wogula pang'ono, pansi pake pamadzaza mawu. Ena akuthokoza, ena akupereka moni kuchokera ku Joni, ena akufunsa. Eni mavidiyo ambiri amangowerenga ndemanga khumi zapamwamba, mtima n'kukhala m'malo, basi. Pamenepo ndi pamene amaluza, chifukwa chimene oonera sanamvetse chimakhala pansi kwenikweni, cholembedwa mofupikitsa, kawirikawiri chopanda ndi chizindikiro cha funso chomwe.

Choyamba kudziwa n'chakuti YouTube simaonetsa ndemanga mwa ndondomeko imene zinabwerera. Imayamba ndi zimene yaziika pa `Top comments`, zomwe nthawi zambiri ndi zimene anthu azikonda kapena kuziyankha kwambiri. Nthabwala imakwera msanga, pamene funso la mlimi amene thumba lake lawonongeka limatsalira. Choncho sinthani kuti zikhale pa `Newest first`, ndipo muwerenge zonse. Musaiwalenso zimene YouTube Studio yazigwira kaye poganiza kuti n'zosayenera, pakuti nthawi zina mumakodwa mafunso abwinobwino.

Tiyerekeze kuti vidiyo ya Mbeya ija ili ndi ndemanga 300. Zikopereni mu Google Sheets kapena Excel, ndemanga iliyonse pamzere wake, pambali pake dzina la wolemba ndi tsiku. Odziwa mapulogalamu amazikoka kudzera pa YouTube Data API, imene imapereka ndemanga zosapitirira 100 pa pempho limodzi, koma 300 munthu atha kuzikopera ndi manja madzulo amodzi. Dzina la wolemba n'lofunika pa chifukwa chimodzi: tikuwerenga anthu, osati mizere. Munthu mmodzi wopsa mtima atha kulemba kasanu, ndipo pa tebulo n'kuoneka ngati mudzi wonse wakwiya.

Mu YouTube Studio muli sefa yotchedwa `Contains questions`, koma pa Chichewa musaidalire yokha. Fufuzani nokha mawu amene timafunsira: kodi, nanga, bwanji, chiyani ndi chani, liti, ndi tsinde la "ngati" la mu angati ndi zingati. Mu tebulo mutha kuwerenga motere:

```
=COUNTIF(A:A,"*nanga*")
```

Nambala imene ituluke ndi mlozo chabe. "Bwanji" akokanso aliyense amene walemba "muli bwanji achimwene", ndipo "ngati" akoka "zikuoneka ngati zabwino". Mafunso ena sakhala ndi liwu lofunsira n'komwe. Wolemba kuti "ine ndili ndi za mbuzi zokha" wafunsa funso lathunthu, ngakhale palibe sefa imene ingaligwire. Maso a munthu ayenera kudutsamo ndithu.

Ntchito yeniyeni ili pa kusonkhanitsa mafunso. Wina walemba "za nkhuku zitheka?", wina "kwathu kulibe nkhumba", wina "nanga za ng'ombe zouma?" Mawu ndi osiyana, koma onsewa akufuna chinthu chimodzi: ndigwiritse ntchito ndowe zimene ndili nazo kapena ayi? Apatseni dzina limodzi, monga "kusintha ndowe", m'danga lapambali. Mukamaliza mutha kupeza kuti mwa ndemanga 300 zija, pafupifupi 200 ndi moni ndi zikomo, anthu 35 afunsa za masiku osungira thumba, 24 za ndowe, 9 anena kuti anayesa koma sizinatuluke bwino, ndipo otsalawo afunsa zosiyanasiyana.

Apa ambiri amathamangira nambala yaikulu, nati vidiyo yotsatira ikhale ya masiku. Ine ndikuti ayi. Yankho lake ndi chiganizo chimodzi, masiku 21, ndipo mwina munalinena kale pa mphindi yachisanu ndi chinayi. Tsegulani `Analytics`, muone mzere wa `Audience retention`, umene umaonetsa pamene anthu anasiyira kuonera. Ngati mzerewo unagwa pa mphindi yachinayi, ndiye kuti anthu 35 aja sanafike pa yankho, mwina bandulo inali kutha. Funso lotere likukuuzani za kasanjidwe ka vidiyo yanu. Liyankheni pa ndemanga imodzi, muikhomere pamwamba ndi `Pin`, ndipo ulendo wina mfundo yaikulu muziinena koyambirira.

Funso loyenera vidiyo yatsopano ndi limene simunaliyankhe, lafunsidwa ndi anthu osiyanasiyana, ndipo yankho lake likufuna kuonetsa ndi manja, osati kungonena. La ndowe lija likukwanira. Koma anthu 9 aja ndi amene ine ndimawalemekeza kwambiri, chifukwa awa anagula madeya, nathira feteleza wawo wa ndalama zambiri, namanga thumba, nadikira. Akalemba kuti "wanga wangoti phalaphala" kapena "sanatenthe n'komwe", akukuonetsani pamene malangizo anu anali osakwanira: kuchuluka kwa madzi, kapena kamangidwe ka pulasitiki ya m'thumba kuti mpweya usalowe. Ndipo taonani nthawi yake. Popeza Mbeya amafuna masabata atatu, ndemanga zotere sizingabwere sabata yoyamba. Wowerenga masiku awiri oyamba okha amangomva kuwomba m'manja. Bwereraninso pakatha mwezi.

Tsono za mtima wa oonera, kuti akondwa kapena ayi. Pali zida zimene zimapatsa ndemanga iliyonse mlingo wa kukoma kapena kuipa. Chodziwika kwambiri ndi VADER, chimene C. J. Hutto ndi Eric Gilbert anachitulutsa mu 2014. Chimagwira ntchito ndi mndandanda wa mawu a Chingerezi, choncho mawu a Chichewa chimangowalumpha, ndemanga n'kuoneka ngati ilibe mbali. Kupanga mndandanda wathuwathu nakonso kuli ndi msampha, pakuti ife kukana timakulowetsa m'kati mwa mneni. Wofufuza "thandiz" apeza "zinandithandiza" pamodzi ndi "sizinandithandize", kusiyana kwake kuli pa "si" wakumayambiriro. Komanso "mwatipha nazo" angakhale mawu a munthu amene waseka mpaka misozi, ndipo "koma ndiye zoopsa" kawirikawiri ndi chiyamiko.

N'chifukwa chake pa ndemanga mazana ochepa ndi bwino kuika zizindikiro ndi manja, koma osangoti yabwino kapena yoipa. Lembaninso chimene munthuyo akunena: mawu osamveka chifukwa cha mphepo, kulankhula mothamanga, kusakaniza Chingerezi chambiri, kapena zotsatira za njira imene mwaphunzitsa. Madandaulo khumi a mphepo amathetsedwa ndi kamaikolofoni kokolekera pa kolala. Madandaulo atatu akuti chimanga chapserera ndi nkhani ina, yofunika kukafunsa alangizi a zaulimi musanajambule chilichonse. Pamene anthu alemba nthawi, monga 4:35, pitani mukaonere malo omwewo. Atatu akaloza mphindi imodzi, pali chinachake pamenepo.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Olemba ndemanga ndi kagawo kakang'ono ka oonera, makamaka okondwa kwambiri ndi okwiya kwambiri, ndipo amene analandira vidiyoyo pa WhatsApp osadutsa pa YouTube sadzaoneka m'tebulo lanu. Kuyambira mu November 2021 YouTube inabisa kwa anthu chiwerengero cha osakonda vidiyo, koma mwini wake amachionabe mu Studio. Chiyikeni pambali pa zimene mwawerenga, kuti muone ngati pali osakhutira amene angodina osalemba kanthu.

Pojambula vidiyo yotsatira, mutu wake ukhale m'mawu omwe oonera anagwiritsa ntchito, "Mbeya wa ndowe za mbuzi: zitheka?", chifukwa ndi mawu omwewo amene ena adzalembe pofufuza. Funsolo linenedwe m'masekondi oyamba, popanda kutchula dzina la wofunsa ngati sanakuloleni. Ikatuluka, bwererani kwa anthu 24 aja ndi 9 aja mmodzimmodzi, muwauze kuti yankho lawo lilipo. Ndipo muone kalendala: mlimi amene adzala ndi mvula ya mu November kapena December akufunika masiku 21 a thumba asanathire m'munda, choncho vidiyoyo ituluke pofika mu October.