Ndalama za ku Joni: minibasi, nyumba za lendi kapena chigayo?

Mabasi ochokera ku Joni akamafika pa chipata cha Dedza kapena cha Mwanza, anthu amaona katundu: mafiriji, matiresi, njinga ndi zikwama zotupa. Chimene saona ndi mutu umene ukuwawa mwini katunduyo, poganiza chochita ndi ndalama zimene wavutikira zaka zambiri. Tiyeni titsate bambo mmodzi wa ku Dedza, wofanana ndi amuna ambiri obwera kuchokera kumeneko, tione masamu amene anachita.

Bamboyu anakhala zaka 11 ku Johannesburg, poyamba akusamalira maluwa m'makomo mwa eni, kenako akumanga nyumba. Anabwerera kumudzi mu Okutobala 2023 ali ndi R100,000, pamene R50,000 ina abwana ake anali oti amutumizira pambuyo pake. Atangofika anasintha zonse zimene anali nazo. Randi imodzi inkagulidwa pafupifupi K63 kubanki, choncho analandira K6.3 miliyoni, n'kuziika m'buku.

Sipanathe mwezi. Pa 9 Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndalama zotsala zija zitafika mu Disembala, randi inali pafupifupi K91, ndipo R50,000 inabala K4.55 miliyoni. Zikanakhala kuti zoyamba zija anazisintha tsiku lomwelo, akanapeza K2.8 miliyoni yoonjezera. M'buku sinachoke tambala ndi imodzi yomwe, koma malata, simenti ndi feteleza zinali zitakwera mtengo, moti zimene akanagula mu Okutobala sakanazikwanitsanso.

Pamodzi anali ndi K10.85 miliyoni, komanso alangizi ochuluka. Ankolo ake ankati agule minibasi, akazi ake ankafuna nyumba za lendi, mnzake wa ku Joni ankati angozisiya kubanki zizibereka.

Za kubankizo anazitaya msanga. Tiyerekeze kuti banki ikupereka chiwongoladzanja cha K15 pa K100 iliyonse pachaka. K1 miliyoni ibereka K150,000, boma lidulapo msonkho wa 20 peresenti, mutsale ndi K120,000. Koma m'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu m'Malawi inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Ndiye kuti katundu wa K1 miliyoni adzakhala pa K1.3 miliyoni, inu muli ndi K1.12 miliyoni. Buku la kubanki ndi lothandiza kusungirako ndalama za mwadzidzidzi, koma chuma chonse chikagona kumeneko chimasungunuka ngati mchere m'madzi.

Minibasi inamukopa kwambiri, chifukwa ndalama yake imaoneka madzulo alionse. Atacheza ndi eni maminibasi a pamsewu wa Dedza ndi Lilongwe, anazindikira kuti anthu amalakwitsa poiwerengera masiku 30 pamwezi. Pali masiku ogona kugalaja, pali a kulipira inshuwalansi ndi kukayezetsa galimoto, ndipo m'zaka zimenezi panali masiku ambiri othera pamzere wa mafuta. Choopsa china n'chakuti minibasi yakale ikanadya ndalama zake zonse, osatsala yogulira injini ikafa. Iye sadziwa kuyendetsa kapena kukonza galimoto, kotero chuma chake chikanakhala m'manja mwa dalaivala ndi kondakitala kuyambira m'mamawa mpaka usiku.

Nyumba za lendi zinali ndi vuto la mtundu wina. Zitseko zitatu za K30,000 pamwezi zimabweretsa K1.08 miliyoni pachaka, ngati alendi onse akulipira. Nyumba yodya K10 miliyoni ingabweze ndalamazo patatha zaka pafupifupi 10. Panalinso nkhani ya malo. Iye ndi mkamwini, ndipo malo amene ankamuloza ndi a kuchikazi. Banja litagwedezeka, nyumba sanganyamule. Wogula puloti patauni nayenso asamangokhulupirira madobadoba, chifukwa puloti imodzi imagulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu. Asanapereke ndalama, akafufuze kukhonsolo kapena ku ofesi ya za malo ngati dzina la wogulitsayo ndi limene lili pa mapepala.

Chimene anakhazikikapo ndi chigayo. Asanagule kanthu, anakakhala mlungu wathunthu pafupi ndi chigayo cha pamsika wina wapatali ndithu, akuwerenga ndowa zolowa ndi kufunsa amayi kumene achokera. Ambiri anali a midzi ya kwawo. Kenako anafufuza za magetsi, pakuti mota ya chigayo imafuna magetsi amphamvu a mawaya atatu, osati a m'nyumba wamba. Malo akakhala kutali ndi thiransifoma ya ESCOM, mtengo wokokera magetsi ungapose wa makina. Anapeza malo a lendi pafupi ndi thiransifoma, n'kulemberana pangano pamaso pa amfumu ndi mboni.

Makina anagula awiri, chokonola ndi chogaya, popeza wofuna ufa woyera kapena gramilu safika pamalo pamene pali cha mgaiwa chokha. Makinawo, mamota, shedi ndi kulumikiza magetsi zinadya K7 miliyoni.

Masamu ake anali otere. M'miyezi 7 yotsatira kukolola ankayembekezera ndowa 40 patsiku pa K600 iliyonse, kwa masiku 26, zomwe ndi K624,000 pamwezi. Kuchotsapo K200,000 ya magetsi, K120,000 ya anyamata awiri ndi K60,000 ya lendi, masefa, mahamala ndi malamba, kutsala K244,000. M'miyezi 5 ya njala, nkhokwe zikapepuka, ndowa zimatsika mpaka theka koma malipiro a anyamata sasintha, choncho phindu limagwa kufika pa K52,000. Pachaka ndi pafupifupi K2 miliyoni, kapena K28 pa K100 iliyonse imene analowetsa. Phindu limeneli silikuposa kukwera kwa mitengo, koma kusiyana kwake ndi buku la kubanki n'kwakuti mtengo wogayitsa ndowa umakwera limodzi ndi zinthu zina, makina amakhalapobe, ndipo madeya otsala amagulidwa ndi oweta nkhumba ndi nkhuku.

Kuba kwa pachigayo sikufuna kukangana ndi antchito. Mlungu woyamba anagaya ali pomwepo, akulemba mayunitsi a pamita m'mawa ndi madzulo, mpaka anadziwa magetsi amene ndowa imodzi imadya. Kuyambira pamenepo, mayunitsi akatsika kwambiri koma ndalama zili zochepa, amadziwa kuti ndowa zina sizinalembedwe, kapena mahamala atha ndipo makina akuvutika kugaya.

Pa K3.85 miliyoni yotsala, K1 miliyoni anaipatula kuti ndi ya achibale: fizi, maliro, matenda. Anauza ankolo ake poyera kuti ikatha imeneyo, kwatha. Ambiri obwera kuchokera ku Joni amagwa apa, chifukwa amapereka pang'onopang'ono popanda malire mpaka mpamba utaphwa. Yotsalayo anaisunga kuti idzamutchinjirize mota ikapsa kapena nyengo ikavuta.

Nyengo inavutadi. Ng'amba ya El Niño inawononga chimanga, ndipo mu Marichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a dziko lino agwa m'ngozi. Kuthimathima kwa magetsi nakonso kunadula masiku ena ogaya. Ndowa 40 zija sizinakwane m'miyezi yambiri, ndipo anyamata ake anawalipira kangapo kuchokera pa ndalama yosungidwa ija. Akanathira K10.85 miliyoni yonse m'makina, chigayocho chikanatsekedwa chaka choyamba chisanathe.