Dandaulo lopita ku Reserve Bank liziyenda ndi masiku

Munthu amene makina a banki amudyera ndalama, polemba dandaulo amayambira pamene pakumuwawa kwambiri. Amayamba ndi kalaliki amene anamuyankha mwamwano dzulo, kenako n'kubwerera ku tsiku limene ndalama zinasowa, n'kulumphira ku lendi ya nyumba imene sanalipire. Zonsezo n'zoona, koma wowerenga kalatayo ku Reserve Bank of Malawi panalibe pamene zinkachitika, ndipo amafika kumapeto asakudziwa chimene chinayamba n'chiti.

Lamulo la ntchito za chuma la 2010 linapatsa gavanala wa banki yaikuluyi udindo woyang'anira mabanki onse m'dziko muno, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a makasitomala. Koma imayembekezera kuti munayamba mwadandaula ku banki yanu. Choncho woona nkhani yanu akufunafuna zinthu zitatu: vuto linachitika liti, banki munaiuza liti, ndipo papita nthawi yaitali bwanji osakuthandizani. Onsewa ndi mafunso a masiku.

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wina ku Kasungu anapita kukatapa malipiro. Musanamulembere chiganizo chilichonse, yalani patebulo zonse zokhala ndi deti: mauthenga a pa foni, sitetimenti, kopi ya fomu ya dandaulo, mndandanda wa manambala amene anaimba. Mukatero nkhani imatuluka motere, chochitika chilichonse pamzere wake.

Pa 28 Febuluwale 2025, 5:40 madzulo, ndinayesa kutapa K150,000 pa makina a pa nthambi ya banki. Ndalama sizinatuluke, koma uthenga unabwera wonena kuti zachotsedwa mu akaunti (chikalata 1).

Pa 4 Malichi 2025 ndinadzaza fomu ku nthambiyo ndipo anandipatsa nambala ya dandaulo (chikalata 2). Anandiuza pakamwa kuti ndalama zibwerera pasanathe masiku 7.

Pa 17 Malichi 2025 ndinaimba foni ku banki. Anati nkhaniyo akuifufuzabe.

Pa 2 Epulo 2025 ndinapereka kalata kwa manejala ndipo kopi yanga anaidinda (chikalata 3). Kufikira lero, 22 Epulo 2025, sanandiyankhe.

M'mizere imeneyi mulibe mawu akuti banki ndi yosasamala. Wowerenga awerengetsera yekha kuti kuchokera pa 4 Malichi papita masiku 49 pa lonjezo la masiku 7, ndipo zimenezo zimaluma kuposa ukali wa m'kalata. Ola limene lili pa mzere woyamba lilinso ndi ntchito yake. Makina otapira ndalama amasunga kaundula wa chilichonse chochitika, ndi nthawi yake, kotero banki ikafunsidwa idziwa poyang'ana m'malo mofufuza tsiku lonse.

Pali msampha umene umagwetsa anthu oona mtima. Pa 28 Febuluwale panali Lachisanu, ndipo zochitika madzulo a Lachisanu nthawi zina zimaoneka pa sitetimenti ndi deti la tsiku lotsatira logwira ntchito. Mphunzitsi wathu akakopera deti la pa sitetimenti, adzaoneka ngati anatapa ndalama pa 4 Malichi, tsiku lomwe anadandaula, pomwe uthenga wa pa foni ukunena zina. Banki ikhoza kuyankha kuti pa tsikulo makina sanalakwitse kanthu, ndipo ikhala ikunena zoona. Lembani madeti onse awiri, munene kuti ili ndi tsiku limene zinachitika, ili ndi limene zinalembedwa. N'chimodzimodzi ngati kuchotsedwa kwa ndalama munakuzindikira patapita milungu: tsiku lochitika ndi tsiku lozindikira zikhale pa mizere iwiri.

Mwezi muziulemba m'mawu. Munthu wina akaona 03/04 amawerenga 3 Epulo, wina 4 Malichi. Mawu ngati "sabata yatha" kapena "mawa lake" asiyeni, chifukwa kalata imatha kuwerengedwa patapita mwezi.

Nanga ngati tsiku mwaliiwala? Musapeke. Deti limodzi lopeka likatsutsidwa ndi zolemba za banki, ena onse amayamba kukayikiridwa. Nenani kuti zinachitika pakati pa 10 ndi 14 Malichi, ndipo mufotokoze kuti papepala palibe. Ine ndimaona kuti ngakhale zokuchititsani manyazi, monga kuchedwa milungu iwiri musanadandaule, ziyenera kulowa pamalo pake. Banki idzazitchula ndithu, ndipo ndi bwino woona nkhaniyo azimve kwa inu poyamba, pamodzi ndi chifukwa chake.

Pansi pa mndandandawo lembani chimene mukupempha, m'chiganizo chimodzi: kuti K150,000 ibwezedwe mu akaunti. Za lendi ndi ngongole imene munatenga podikira zibwere pambuyo pake, m'ndime yakeyake. Tumizani makopi okhaokha, zikalata zenizeni musunge, ndipo tsiku limene mwapereka dandaulo ku Reserve Bank mulilembe pa mndandanda wanu womwewo, chifukwa mukadzafuna kufunsa pamene nkhani yafika, adzakufunsani deti limenelo.