Kusankha Jenereta ya Sitolo Yaing'ono: Tiwerenge Tisanagule

Anzanga ophunzira, ambiri a ife kuno ku Amaramba tili ndi timasitolo. Ena timagulitsa sopo, mchere ndi shuga. Ena timatchajitsa mafoni a asodzi amene amachokera ku nyanja. Kumene nthambo za magetsi sizinafike, mwini sitolo amaganiza zogula jenereta. Amakwera ulendo wa ku Cuamba kapena ku Mandimba ndi ndalama zimene wasunga chaka chathunthu.

Kumeneko wogulitsa amamuonetsa makina ofiira, achikasu ndi obiriwira, ndipo onse amati ndi abwino. Kodi munthu asankhe bwanji? Dzina la pa makina si ndilo loyamba. Choyamba ndi masamu awiri: mphamvu imene sitolo yanu ifuna, ndi petulo amene makinawo adzamwa. Masamu amenewa tiwachitire limodzi.

Wati ndi chiyani?

Chimanga timayesa ndi chitini, nsalu timayesa ndi mita. Mphamvu ya magetsi timayesa ndi mawati. Chinthu chilichonse cha magetsi chili ndi kachikwangwani kumbuyo kapena kunsi kwake. Pamenepo funani nambala imene ili ndi chilembo W. Mukaona 60 W, ndiye kuti chinthucho chimadya mawati 60. Mukaona kW, dziwani kuti 1 kW ndi mawati 1000.

Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi sitolo pafupi ndi dooko. Iye watenga pensulo nalemba zinthu zake motere:

Mababu 4, lililonse mawati 9: onse pamodzi 36.
Mafoni 10 otchaja, iliyonse mawati 10: onse pamodzi 100.
Televizhoni imodzi: 60.
Firiji imodzi ya zakumwa: 150.

Tiphatikize: 36 + 100 + 60 + 150 = 346. Sitolo ya mayiyu imadya mawati 346 zonse zikamayenda.

Msampha wa firiji

Ku sitolo za m'tauni kuli tijenereta ting'onoting'ono tonyamula ndi dzanja limodzi, monga Yamaha ET950 ndi Tiger TG950. Timeneti timapereka mawati pafupifupi 650 pa ntchito ya nthawi yaitali. Nambala 950 ndi gawo la dzina chabe. Mayi uja angathe kunena kuti, “Ine ndifuna 346, makinawa apereka 650, basi andikwanira.” Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama.

Taganizani za njinga yosenza matumba awiri a makumba ouma. Pamene muyamba kupalasa mumakankha ndi mphamvu zanu zonse. Ikayamba kuyenda, miyendo imapepukidwa. Injini ya firiji imachitanso chimodzimodzi. Pa kamphindi koyamba imakoka mphamvu yoposa ya masiku onse katatu, kasanu, mwina kufika kasanu n'kamodzi. Ndipo sichita zimenezi kamodzi kokha ayi. Firiji imadzizimitsa ikazizira, nkudziyatsanso yokha ikayamba kufunda.

Choncho tiwerengenso. Tichulukitse mawati a firiji ndi 6: 150 x 6 = 900. Zinthu zina zija ndi mawati 196. Pamodzi: 900 + 196 = 1096. Kajenereta ka 650 sikangathe kusenza katundu wotere. Mayiyu afunika makina a mawati 1500 kapena 2000, kuti patsale mpata.

Jenereta yochepa mphamvu imadziulula yokha. Firiji ikafuna kuyaka, mababu amachita mdima ndipo injini imabuula. Firijiyo imang'ung'udza pang'ono, nkumveka “tcha”, nkukhala chete. Pakapita mphindi zochepa imayesanso. Mukamva zotere zimitsani msanga, chifukwa mukaumirira injini ya firiji idzapsa.

Koma ngati mayi uja alibe firiji, mawati ake ndi 196 okha. Pamenepo kajenereta kakang'ono kamkwanira, ndipo kugula makina aakulu nkungotaya ndalama.

Nambala ziwiri pa jenereta

Pa jenereta pamalembedwa nambala ziwiri. Yaikulu ndi mphamvu imene makina angapereke kwa kanthawi kochepa. Yaing'ono ndiyo ya ntchito ya maola ambiri. Wogulitsa amakonda kutchula yaikulu. Inu funani yaing'ono pa kachikwangwani kapena m'kabuku ka makinawo. Mwachitsanzo, Honda EU22i imafika mawati 2200 kwa kanthawi, koma ya ntchito yeniyeni ndi 1800.

Makina ena salemba W, amalemba kVA. Kuti musanyengeke, chotsani gawo limodzi mwa magawo asanu. Choncho 2 kVA muiwerenge ngati mawati 1600.

Petulo ndiye amadya phindu

Jenereta mumagula kamodzi, koma petulo mumagula tsiku ndi tsiku. Pali mitundu itatu imene tiyenera kuisiyanitsa.

Mtundu woyamba ndi tijenereta ting'onoting'ono tija. Petulo wake amasakanizidwa ndi oilo. Pa tambiri muyeso wake ndi magawo 50 a petulo ndi gawo limodzi la oilo, kutanthauza mamililita 100 a oilo m'malita 5 a petulo. Mukaiwala oilo, injini imauma nkufa. Mukachulutsa, imafuka utsi ndipo pulagi imada msanga.

Mtundu wachiwiri ndi jenereta wamba yokhala m'chitsulo cha ngodya zinayi. Oilo wake ali ndi malo akeake. Injini yake imathamanga liwiro limodzi nthawi zonse, kaya mwayatsa babu limodzi kaya sitolo yonse. Nchifukwa chake imamwa petulo wambiri ngakhale ntchito ili yochepa.

Mtundu wachitatu ndi jenereta ya invata. Iyi imachepetsa liwiro ntchito ikachepa, ndipo imaonjeza ikachuluka. Honda EU22i ija ndi ya mtundu umenewu. Thanki yake imalowa malita 3 ndi theka kuposerako pang'ono. Ikamasenza mawati 450, eni ake amati imayenda maola pafupifupi 8. Ndiye kuti pa ola limodzi simaliza theka la lita. Koma ikasenza mphamvu yake yonse, thanki yomweyo imatha m'maola atatu ndi mphindi zochepa.

Tibwerere kwa mayi wathu. Iye amayatsa makina maola 5 madzulo alionse. Tiyerekeze kuti jenereta wamba ikumwa malita 4 pa maola amenewo. Pa masiku 30 ndi malita 120. Ya invata, tikaiwerengera theka la lita pa ola, imwa malita awiri ndi theka pa tsiku. Pa masiku 30 ndi malita 75. Kusiyana kwake ndi malita 45 mwezi uliwonse.

Tsopano chulukitsani 45 ndi mtengo wa lita imodzi kwanuko. Mametikali amenewo ndiwo mupulumutsa pa mwezi. Jenereta ya invata imakwera mtengo pogula. Tengani ndalama zimene yaposera inzake, mugawe ndi zimene mupulumutsa pa mwezi. Yankho lake ndi miyezi imene idzapite kuti ndalama zanu zibwerere. Amene amayatsa tsiku lililonse zimabwerera msanga. Amene amayatsa Loweruka lokha angadikire zaka.

Musangokhulupirira za pakamwa. Pitani kwa mnzanu amene ali ndi makina a mtundu umene mufuna. Dzazani thanki, ayende maola awiri ndi katundu wake wa masiku onse. Kenaka zimitsani, adikire kuzizira, mudzazenso ndi botolo la lita imodzi. Petulo amene walowa mugawe pawiri, ndipo mwadziwa chimene makinawo amamwa pa ola.

Invata ya batire

Pali chinthu china chimene anthu amachitchanso invata. Ichi ndi kabokosi kopanda injini. Sikamwa petulo, komanso sikapanga magetsi. Kamangotenga mphamvu ya m'batire ya mavoti 12 nkuisandutsa ya mavoti 220, imene zinthu za m'sitolo zimafuna. Batireyo ifunika kuidzaza ndi sola kapena ndi jenereta.

Batire yolembedwa 100 Ah imasunga 12 x 100 = 1200. Batire ya mtovu sitiyenera kuimaliza, timagwiritsa theka lokha, ndiye 600. Invata nayo imadyako, nkutsala pafupifupi 500. Tikagawa 500 ndi mawati 196 a mayi uja, tipeza maola awiri ndi theka. Kuti akwanitse maola 5 afunika mabatire awiri. Ngati afuna kuikapo firiji, invatayo ikhale yopirira mawati oposa 1096, ndipo ikhale ya magetsi osalala, amene m'Chipwitikizi amati onda pura. Mainvata otsika mtengo amatenthetsa injini ya firiji.

Nanga dzina la makina?

Masamu akatha, ndiye tiyang'ane dzina. Funso lalikulu ndi ili: makinawa akafa, adzakonza ndani? Musanagule, funsani makaniko wa njinga zamoto ku Insaca kapena ku Cuamba kuti ndi injini ziti zimene amazidziwa, ndiponso ngati pulagi, kabureta ndi chingwe cholizira zimapezeka. Majenereta wamba ambiri, ngakhale maina ndi osiyana, injini zake zimafanana, ndipo zipangizo zake sizivuta. Ya invata ili ndi kabokosi ka nzeru mkati. Kameneka kakapsa, makaniko wa kumudzi sangakakonze, mpaka kuitanitsa kena kutali.

Chenjeraninso ndi maina obera. Makina ena amalembedwa dzina lofanana ndi lotchuka, kungosintha chilembo chimodzi. Apa ndi pamene kudziwa kuwerenga kumatithandiza. Werengani chilembo ndi chilembo. Pemphani lisiti, ndipo wogulitsa alize makinawo inu muli pomwepo.

Pogwiritsa ntchito

Lizani jenereta musanalumikize chilichonse. Yambani ndi firiji, zina zitsate pambuyo. Firiji ikazima, dikirani mphindi zisanu musanaiyatsenso. Dziwaninso kuti maola 5 pa tsiku angathe kuziziritsa zakumwa, koma sangasunge mlamba wauwisi kwa masiku. Petulo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu muzimsefa pa nsalu yoyera, chifukwa zinyalala zimatseka kabureta.

Jenereta isakhale m'sitolo kapena m'nyumba yogona, ngakhale muope akuba. Utsi wake uli ndi mpweya wa poizoni wosaoneka ndi wosanunkha, umene umapha anthu ali m'tulo. Ikhale panja, kutali ndi khomo ndi mawindo, pansi pa kadenga kopanda zipupa.

Mafunso

1. Lembani zinthu za magetsi za m'sitolo yanu ndi mawati ake. Phatikizani.
2. Chifukwa chiyani jenereta ya mawati 650 singayendetse firiji ya mawati 150 m'sitolo ya mayi uja?
3. Jenereta yamwa malita atatu pa maola 4. Idzamwa malita angati pa masiku 30, ngati iyenda maola 4 tsiku lililonse?
4. Pa nambala ziwiri za pa jenereta, tidalire iti?